Sikiripiti ya filimu tikuiika pasiteji: kapepala ka m'thumba anthu akaona bwanji?

Chisomo wa ku Zomba

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndinalemba sikiripiti ya filimu yaifupi, masamba 22, koma ndalama zojambulira sizinapezeke. Gulu lathu la zisudzo lagwirizana kuti tiichite pasiteji. Nkhani yake ndi ya mnyamata amene amayi ake amupatsa ndalama zoti akagule feteleza, iye n'kukazithera ku betingi. Kunyumba akunama kuti feteleza sanafike kudepoti. Pachimake pa nkhaniyi amayi akuchapa thalauza la mwana wawoyo, ndipo m'thumba akupeza kapepala ka betingi. Ndinalemba kuti kamera iyandikire kapepalako, tione ndalama yolembedwapo, kenako ipite pankhope ya amayi, iwo osayankhula kanthu. Ku pulakatisi tayesa, koma munthu wokhala pamzere wachitatu akungoona mayi wawerama pabeseni basi. Holo yathu imalowa anthu ngati 300. Vuto lina n'lakuti sikiripitiyi ili ndi masini 31. Ndiyambire pati?

Mavuto K.

Achimwene, pasiteji mawu ndiwo amagwira ntchito. Chimene kamera imaonetsa, wosewera achinene. Amayiwo atukule kapepalako m'mwamba, afuule kuti "Mayo ine, ndalama za feteleza zija!" Akumbuyo amva, nkhani yatha. Nkhope nayonso aikulitse, maso atuluke, manja pamutu.

Nachisale

A Mavuto, theka la zimene mwanenazi ndikugwirizana nalo. N'zoona kuti chinthu chaching'ono sichifika kumbuyo kwa holo. Koma a Chisomo analemba mayi amene sakuyankhula, ndipo kukhala chete kumeneko ndiko kumabaya mtima. Mukamupatsa mfuu, uthenga ufika, koma mwasintha munthuyo. Pali njira ina, ndipo ndiifotokoza ndi nkhani imodzi yomwe inayenda pa wailesi ya kanema, mufilimu ndi pasiteji, kotero tingathe kuyerekeza bwino.

Ndi 12 Angry Men. Reginald Rose anailembera wailesi ya kanema ya ku America mu 1954, ndipo Sidney Lumet anaijambula ngati filimu mu 1957. Amuna 12 osankhidwa ndi khoti kuti aweruze mlandu atsekeredwa m'chipinda kuti agwirizane ngati mnyamata wina anaphadi bambo ake. Mboni yamphamvu kwambiri ndi mayi amene akuti anaona kuphako ali pabedi usiku, kudzera m'mazenera a sitima imene imadutsa. Mufilimu, mmodzi wa amuna aja, amene amamutchula kuti nambala 4, akuvula magalasi n'kumasisita pamphuno. Mkulu wachikulire, nambala 9, akuona timabanga tiwiri tomwe magalasi asiya pamphunopo, ndiye akukumbukira kuti mayi uja nayenso anali nato m'khoti. Kutanthauza kuti amavala magalasi, ndipo palibe amene amagona atavala magalasi. Zonsezi zatsamira pa timabanga tosakula kuposa njere ya nyemba. Kamera itayandikira, aliyense akutiona.

Tsopano m'malemba oyamba a mu 1954, komanso m'sewero la pasiteji lochokera pamenepo, mfundo yomweyi imabwera mwanjira ina. Mmodzi wavula magalasi, ndipo wotchi yapakhoma sakuiona bwino. Mnzake akudabwa, akumufunsa ngati sangathe kuona wotchiyo opanda magalasi, kenako akumufunsa zimene amachita akadzuka usiku n'kufuna kudziwa nthawi. Taonani kusiyana kwake. Munthu kuyang'ana kukhoma, kutsinzinira, kufufuza magalasi, kuwavala, n'kuyang'ananso, zimenezo wa kumzere womaliza akuziona ndi maso ake. Mfundo ndi imodzi, koma yachoka pa kachinthu koyang'anitsitsa n'kupita pa chochitika cha thupi lonse.

Ndiye funso lanu lisakhale lakuti kapepalako kaoneke bwanji. Funsani kuti ndi chochitika chanji chimene chingagwire ntchito imene kamera imagwira.

Gift ku Joni

Ine ndikuona ngati mukuvutika chabe. Ikani mafoni awiri, ina kutsogolo ina m'mbali, mujambule sewerolo, pa editing'i mukokere pafupi pamene pali kapepalapo. Mafoni a masiku ano amajambula bwino kwambiri.

Chisomo wa ku Zomba

A Gift, zikomo, koma sitikufuna kujambula sewero. Tikufuna anthu amene akhala muholomo tsiku limenelo amvetse pompo. Mayi Nachisale, chochitikacho ndi chimene chikundisowa. Kapepala ndi kapepala basi.

Nachisale

Tiyeni tiyende nako kapepalako kuyambira pachiyambi. Mufilimu mukhoza kukaonetsa koyamba pabeseni pomwepo, chifukwa kamera itiwerengera. Pasiteji anthu ayenera kukadziwa kale kasanafike m'manja mwa amayi. Choncho pa sini ya ku betingi, mnyamatayo alandire kapepalako poonekera, akagwire nthawi yaitali pamene akudikira zotsatira za mpira, akapsompsone ngati mukufuna, ndipo ataluza asakataye pansi. Akapinde kawiri, pang'onopang'ono, n'kukaika m'thumba lakumbuyo atatembenukira kumbali kuti dzanja lioneke likulowa. Kapepalako mukhoza kukakulitsa pang'ono kuposa kenikeni, koma osafika pa tsamba la kope, anthu angaseke.

Chachiwiri ndi thalauza. Likhale la mtundu wosiyana ndi zovala zina zonse za m'seweromo. Mnyamata akalivula n'kuliponya pa mulu wa zochapa, oonera akhala akudziwa chimene chili m'thumbamo pamene amayi sakudziwa. Tsono amayi asayambe ndi thalauzalo. Achape malaya, afinye, ayanike. Atenge chitenje, achape. Mukamamva anthu muholo ayamba kunong'ona kuti "aliona, aliona", dziwani kuti zagwira. Mufilimu munafuna kuti tidzidzimuke limodzi ndi amayi. Pasiteji tikhala tikudikira kudzidzimuka kwawo, ndipo kudikirako kumatenga malo a shoti yapafupi ija.

Akalitenga, apisemo dzanja monga amachitira aliyense asanaviike chovala. Apa ndi pamene nkhope ya mufilimu ikusanduka thupi. Manja amene akhala akugwira ntchito osapuma aime. Phokoso la madzi ndi kufikisa, limene lakhala likumveka sini yonse, lithe. Mayi amene anawerama aweramuke, aime chilili, thalauza lili lende m'dzanja limodzi. Muwerengereni mumtima mpaka faifi kapena sikisi asanasunthe. Wa kumbuyo saona maso ake, koma aona kuti munthu amene amayenda waima.

Mavuto K.

Chabwino, koma ndalamayo? A Chisomo akufuna tidziwe kuti wabetcha ndalama zonse, osati pang'ono. Nambala ija ndiye nkhani. Kuima chilili sikunena nambala.

Mayi a Tadala

Ine sindine wa zisudzo, ndimangokonda kuonera, koma pa nambalapo ndili ndi ganizo. Amayiwo aitane kamtsikana kawo, mlongo wake wa mnyamatayo, kuti kawawerengere. Mwana aziwerenga mokweza monga amachitira kusukulu, asakudziwa chimene akuwerenga, amayi ali phee. Mayi anga amatiwerengetsa makalata chomwecho tili ana, ndipo nthawi zina tinkangoona nkhope yawo yasintha ife tisakudziwa kuti tanena chiyani.

Nachisale

Mayi a Tadala, ganizo limeneli ndalikonda kwambiri. Nambala yamveka, amayi sanafuule, ndipo mwabweretsa munthu wachiwiri amene oonera angamuyang'ane. Mwana akafunsa kuti "Amayi, ndi chiyani?" iwo n'kungoti "Pita ukasewere", holo yonse yamva zonse.

Chisomo wa ku Zomba

N'lokoma ndithu, koma likundivuta pamodzi. Mayi amene ndinalembayu ndi msungichuma wa banki m'khonde ya m'mudzimo. Amalemba m'kaundula sabata iliyonse. Mbali ina ya ululu wake ndi yakuti iye amene amasunga ndalama za anthu ena mosamala, mwana wake yemwe wamubera. Ndikamusandutsa wosadziwa kuwerenga ndataya zimenezo.

Nachisale

Pamenepo musagonje, munthu wanuyo mumamudziwa ndinu. Njira ina ndi yakuti nambalayo imveke kale kawiri. Amayi popereka ndalama aziwerenga mokweza, pepala ndi pepala, monga amachitira ku banki m'khonde. Ku betingi wolandira ndalama aitchulenso nambala yomweyo. Pofika pabeseni palibe amene akufunika kuuzidwa. Kapenanso mwanayo ndi amene apeze kapepalako pothandiza kuchapa, n'kuyamba kuwerenga yekha mwachibwana amayi asanamulande. Mukatero amayi akhalabe odziwa kuwerenga. Yesani zonse ziwiri, muike munthu amene sakuidziwa nkhaniyi pampando womaliza, pambuyo pake mumufunse zimene waona. Musamufunse ngati wamvetsa, chifukwa angovomera mwaulemu. Muuzeni afotokoze yekha chimene chachitika.

Che Jafali

Ndalowa mochedwa. Ine ntchito yanga ndi ya kamera, ndiye ndiwonjezere pa filimu imene Mayi Nachisale atchula, chifukwa muli chinthu chimene siteji singathe kubwereka ngakhale pang'ono. Filimuyo ndi ya mphindi 96 ndipo pafupifupi yonse ili m'chipinda chimodzi. Lumet anafotokoza yekha m'buku lake mmene anachitira kuti chipindacho chizioneka ngati chikuchepa. Anayamba ndi malenzi wamba, a pakati pa 28 ndi 40 mm, kenako n'kumapita ku 50, 75, mpaka 100 mm. Lenzi yaitali imakokera khoma lakumbuyo pafupi ndi munthu, ndiye anthu amaoneka opanikizika. Komanso gawo loyamba kamera inali pamwamba pa maso a anthu, gawo lapakati inali molingana ndi maso, gawo lomaliza inatsika pansi mpaka siling'i inayamba kuoneka ngati ikuwapsinja. Woonera sazindikira kuti lenzi yasintha, amangomva kubanika.

Muholo aliyense ali ndi lenzi imodzi, maso ake, ndipo mtunda wake susintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. N'chifukwa chake ine ndimati nkhani yobadwira mukamera imataya kanthu ikapita pasiteji, tisanamizane. Muli malo ena mufilimuyo pamene nambala 4, amene anzake onse akutuluka thukuta iye ayi, akuyamba kutuluka thukuta atapanikizidwa ndi mafunso. Kadontho kameneko mukaonetsa bwanji kwa anthu 300?

Nachisale

Che Jafali, kadonthoko katayika, sindikana. Chimene chingatsale ndi mpango: munthu amene sewero lonse sanaugwire, autulutse n'kupukuta pachipumi. Si chimodzimodzi, koma chimafika.

Za kubanikazo, siteji ili ndi zida zake. Pamene sewero la 12 Angry Men linachitika ku Garrick Theatre ku London mu 2013, tebulo lalitali la amuna aja linali pa chozungulira chimene chimayenda pang'onopang'ono kwambiri moti sumachiona chikusuntha. Umangozindikira patapita nthawi kuti amene anakufulatira tsopano wakuyang'ana. Anathetsa vuto limene kamera ilibe, loti anthu 12 akazungulira tebulo ena amapereka msana kwa oonera, ndipo nthawi yomweyo anapatsa oonera mbali yatsopano yoonera popanda kudula. Ife chozungulira tilibe, koma tikhoza kuchepetsa malo ndi matupi a anthu. Kumayambiriro osewera amwazikane siteji yonse. Nkhani ikamakula, malo amene akugwiritsa ntchito azichepa, mpaka pomaliza mayi ndi mwana ali pa mphasa imodzi, siteji yotsalayo ili mbee.

Ndipo pali zina zimene siteji imapambana. Mu nkhani yomweyo muli mboni ina, bambo wokalamba wokoka mwendo, amene anati anafika pakhomo m'masekondi 15. Nambala 8 akuyeza mtundawo m'chipindamo n'kuyenda mokoka mwendo wina akuyang'ana wotchi, ndipo mufilimu akupeza masekondi 41. Pa kanema timadziwa kuti nthawi ikhoza kudulidwa, ndiye timangokhulupirira zimene atiuza. Muholo munthu akuyendadi pamaso pako, ndipo ukhoza kuwerenga wekha. Kuchapa kwa amayi kuja n'chimodzimodzi. Mufilimu mukanadula. Pasiteji nthawi yeniyeniyo ndiyo chida chanu.

Gift ku Joni

Tsopano ndamva funsolo. Nanga bwanji pulojekita? Kamera ikhale pambali, izionetsa kapepalako pa nsalu yoyera kumbuyo nthawi yomweyo. Kunoko ndinaonapo zotere.

Che Jafali

Zimachitika ndithu. Network, filimu ya mu 1976 imene analemba Paddy Chayefsky, inaikidwa pasiteji ku National Theatre ku London mu 2017, wotsogolera ali Ivo van Hove, ndipo makamera amajambula osewera pompo n'kumaonetsa nkhope zawo pa sikirini yaikulu. Ine ndingakonde a Chisomo atayesa. Kamera imodzi, chingwe, pulojekita yobwereka, basi.

Nachisale

Apa ndisiyana nanu. Network ndi nkhani ya situdiyo ya wailesi ya kanema, ndiye makamera ndi mbali ya dziko la nkhaniyo. Pakhomo la mayi wochapa pabeseni, sikirini ikuchokera kuti? Komanso nkhope yaikulu ikangowala kumbuyo, maso onse amathawira komweko, munthu wamoyo amene waima kutsogolo n'kuiwalika. Ndiponso a Chisomo, sewero lanu lili nthawi yanji?

Chisomo wa ku Zomba

Masana, 2 koloko. Holoyo ili ndi mazenera akuluakulu opanda makatani, ndipo magetsi sitingawadalire.

Che Jafali

Ndiye pulojekita yagwa yokha, pa kuwala kotero chithunzi chimangoti mbuu. Koma maganizo anga sanasinthe. Muholo yamdima ndikanayesa.

Mavuto K.

Nanga masini 31 aja? Palibe amene wayankha. Ife tinachitapo sewero la masini ambiri, sini iliyonse timatseka katani n'kusuntha mipando. Anthu anayamba kutuluka kukagula zokazinga, ena kucheza. Ndinaona kuti kusintha kumodzi kumatenga pafupifupi theka la mphindi. Kwa a Chisomo ndi kusintha ka 30, ndiye mphindi 15 za katani pa sewero limene pa filimu likanakhala la mphindi ngati 22, poti tsamba limodzi amaliwerengera mphindi imodzi.

Nachisale

Masamu amenewo ndi oona, a Mavuto, ndipo ndi amene amapha masewero ambiri ochokera ku sikiripiti ya filimu. Kudula kwa kamera sikudya nthawi, pamene kwa pasiteji kumadya. A Chisomo, tengani pensulo, pa sini iliyonse mulembe chinthu chimodzi chimene chasintha ikamatha. Mupeza kuti ambiri mwa masini amenewo ndi a ulendo: akutuluka m'nyumba, akukwera kabaza, akufika pa tauni, akulowa. Kamera imawafuna kuti tidziwe kumene tili. Pasiteji munthu akayenda masitepe asanu n'kupukuta thukuta, wafika. Amenewo achotseni. Otsalawo muwasonkhanitse m'malo atatu amene akhale pasiteji nthawi yonse osasunthidwa: pakhomo kumanzere, beseni ndi chingwe choyanikira, ku betingi kumanja, benchi ndi kauntala, pakati popanda kanthu, pakhale msewu, munda kapena depoti malinga ndi chimene wosewera wanyamula. Khasu likalowa ndi munda. Katani musaigwire mpaka kumapeto.

Chisomo wa ku Zomba

Zikundithandiza pa sini ina imene ndimaiopa. Ndinalemba modumphadumpha: amayi akupalira kumunda, mnyamata ku betingi, amayi, mnyamata, kasanu ndi kamodzi, mashoti akufupikirafupikira mpaka chigoli chimene chamugwetsa. Ndiye ndingowaika onse awiri nthawi imodzi?

Nachisale

Inde, ndipo mupeza chimene filimu imavutika kupereka: onse awiri m'diso limodzi, mayi akuwerama pamene mwana akudumpha. Koma samalani. Kamera imasankhira woonera choti aone, pamene pasiteji diso limapita lokha ku chimene chikuyenda kwambiri, chimene chili pamwamba, kapena kumene osewera ena akuyang'ana. Mbali zonse zikachita phokoso limodzi, theka la holo liona ichi, theka liona icho, ndipo chigoli chikalowa ena afunsa anzawo kuti chachitika n'chiyani. Chizindikiro chake ku pulakatisi ndi mitu ya oonera kumangotembenuka uku ndi uku.

Ndiye muzipatsirana. Amayi azipalira mwa kayendedwe kamodzi kosasintha, khasu likugunda pansi mofanana. Diso limazolowera chinthu chobwerezabwereza n'kuchisiya, khutu lokha n'kumachisunga. Anyamata a ku betingi akhale ndi mayendedwe osayembekezereka, onse akuyang'ana malo amodzi pamwamba pa mitu ya oonera, kumene kuli sikirini imene sitikuiona. Mukafuna tibwerere kwa amayi, anyamata aume ngati mpira uli pakati pa bwalo, amayi aphonye kugunda kumodzi, aweramuke, agwire msana. Kufupika kwa mashoti kuja kusanduke kufupika kwa nthawi yopatsiranayo. Chigoli chikalowa, onse a ku betingi atuluke, atsale mnyamata yekha ndi kapepala kake, khasu likugundabe.

Che Jafali

Zoumitsa anthuzo ine sindimazikonda, zimaoneka za kusukulu. Bola achepetse mayendedwe koma akhalebe amoyo, wina akuluma chala, wina akugwedeza mwendo.

Mayi a Tadala

Ine monga woonera sizindivuta akauma, bola asachedwe. Chimene chimandisokoneza ndi pamene wouma uja wayamba kuseka kapena kuyang'ana anzake muholo.

Mavuto K.

Ndikadali ndi nkhawa ndi phokoso. Masana, ana ali pamazenera, denga lamalata, mwina mvula. Masekondi sikisi a chete aja akhoza kudzadzidwa ndi munthu mmodzi wofuula nthabwala kumbuyo, holo yonse n'kugwa ndi phwete. Kwathu kuno oonera amayankha, sakhala chete ngati ku London.

Nachisale

Amayankhadi, ndipo wosewera amayiyo akonzekere zimenezo. Asathamangire kuyankhula pofuna kupulumutsa sini. Aime mpaka phokoso litsike lokha, kenako achite chinthu chimodzi chooneka: apinde kapepalako, akamange pa mfundo ya chitenje pomwe poyamba paja anamasulapo ndalama. Koma ngati mvula ili padenga, kutha kwa phokoso la madzi a m'beseni sikumveka, ndiye chidalireni thupi lokha.

Chisomo wa ku Zomba

Loweruka tiyesa njira ziwiri za kapepala zija, wina atakhala kumbuyo. Masini ndawerenga mwachangu, a ulendo okha ndi 12. Che Jafali, ngati muli ku Zomba sabata imeneyo tabwerani mudzakhale pamzere womaliza, mudzatiuze pamene diso lanu lasochera. Za kuumitsa anyamata aja tidzayesa zonse ziwiri inu muli pomwepo.

Che Jafali

Ndibwera, koma ndifika cha m'ma 3. Muyambe ndi sini ya kumunda ndi betingi ndikafika, ya pabeseni ikhale yomaliza.